Manja a Eluby

Amene anandilakwira ndi apongozi anga a Nabanda ndi mwana wawo Fraser, kwa Nchema, m'mwezi wa Julaye chaka cha 1972. Idesi, amene anali mkazi wanga, ndimamuwerengera pomwepo ngakhale kuti iye sananene kanthu. Ine ndine Timoti Mathero, kwathu ndi ku Ndunde. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, koma chimene ndinaona ndi maso anga nditha kuchilemba.

Kwa Nchema ndinapita ngati mkamwini. Nyumba ndinamanga ndekha pamalo amene anandilozera, kuseri kwa nyumba ya apongozi. Dimba la kumtsinje ndinalipeza lili tchire lokhalokha. Ndinalitipula, ndinalitchingira, mpaka kabichi ndi tomato zinayamba kupita ku Limbe panjinga yanga. Ndinkadziwa kuti malo ndi awo, nyumba ndi yawo. Mkamwini amadziwa zimenezo asanakwatire n'komwe. Koma mwana ndinkayesa kuti ndi wanganso.

Mwana wathu Eluby anabadwa m'Malichi, masiku ake asanakwane bwino. Anali wamng'ono moti ine ndinkaopa kumunyamula. A Nabanda ndi amene anamulandira, ndipo kuyambira tsiku lomwelo anayamba kumukulunga. Ankayala nsalu yakale yofewa, kuika mwana pakati, kugoneka dzanja lake limodzi m'mbali mwa thupi, kukoka nsalu n'kuilowetsa kunsi kwa msana, kenako dzanja linalo chimodzimodzi. Pamwamba pake shawelo yoyera imene ndinagula ine ku Limbe. Akamaliza, mwana ankaoneka ngati chimanga chili m'makoko ake, kankhope kokha panja.

Sindinama, nsaluyo inathandiza. Khanda limadzidzimuka lili mtulo, kuponya manja m'mwamba ngati likugwa, n'kudzidzutsa lokha. Lokulungidwa silitero, limagona. Eluby ankagona, ankayamwa, ndipo anayamba kunenepa. Ine ndinkayamika. Palibe amene angati ndinadana ndi nsaluyo kuyambira pachiyambi.

Chakumapeto kwa Juni mwanayo anasintha. Idesi akamusambitsa n'kumuika pamphasa kuti amudzoze mafuta, iye ankakweza miyendo, kuiponya mbali imodzi, kupinda msana, n'kupezeka wagona cham'mbali. Tsiku lina anapitirira mpaka anagwera chafufumimba. Anatsamira timanja take, nadzutsa mutu n'kumaugwedeza ngati gulo ali pamwala. Tinaseka tonse awiri.

"Taonani gulo wanu, bambo ake a Eluby," anatero Idesi.

"Mutu wakewo ndi wa kwanu," ndinatero. "Kwathu kulibe mutu wotere."

Masiku amenewo sikelo ya ana inkabwera pagalimoto ku Ndunde kamodzi pamwezi. Ndinawakweza panjinga mayi ndi mwana chifukwa ndinkafunanso kukaona amayi anga. Amuna sankakhala pamzere wa sikelo, choncho ndinaima chapatali pang'ono, nditagwira njinga. Koma ndinkamva zonse. Anesi, mayi wamkulu wa mawu amphamvu, anamasula nsalu kuti ayese mwana. Atangomuika patebulo, Eluby anagubuduka pomwepo. Anesi anamugwira msanga.

"Mayi, mwanayu akamagona mumamukulunga chonchi, manja m'kati?"

"Eya."

"Lekani lero. Wayamba kugubuduka uyu. Akagubuduka ali womangidwa, nkhope ipita pansi, ndipo alibe dzanja loti adzikankhe nalo. Sadzalira n'komwe kuti mumve."

"Nanga kuzizira kuno?" anafunsa Idesi.

"Kuzizira n'kwa juzi ndi masokosi. Nsalu izilekera m'khwapa, manja panja. Ndipo pogona pake pakhale polimba, osati pamulu wa mabulangete. Avuta masiku oyamba, azidzidzimuka. Muzipirira, azolowera."

Anesi ataona ine ndikusuzumira anakweza mawu. "Abambo a njinga inu, mwamva nanunso? Kapena mwangobwera kudzaona atsikana?" Amayi onse pamzere anaseka. Ine ndinati ndamva.

Titafika kunyumba Idesi anafotokozera amayi ake. Kwa ife mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana, salankhulana maso ndi maso. Ine ndinali pakhonde panga ndikukonza tcheni cha njinga, iwo ali kukhitchini, atandifulatira. Koma analankhula mokweza kuti mawu afike kumene ankafuna.

"Nesiyo ali ndi ana angati? Ine ndakulunga asanu ndi awiri, onse akuyenda. Mwana wobadwa masiku osakwana amasulidwe m'Julaye, chiperoni chili pakhomo? Uwauze amuna akowo kuti za ana si za tomato. Nsalu ichoka kukatentha, mwambo wa mwana ukachitika."

Mwambo umene ankanenawo ndi wa kutenga mwana. Kufikira utachitika, mwamuna sagona ndi mkazi wake, ndipo akapita kwa mkazi wina, amati mwana adwala tsempho: kutsokomola, kutupa, kuwonda. Ine ndinkasunga mwambowo. Ndikulemba pano kuti aliyense adziwe, ndinkausunga.

Idesi anamvera amayi ake. Nsalu inapitirira.

Sabata yotsatira chiperoni chinabweradi. Phiri la Chiradzulu silinkaoneka, mvula yowaza ili pyapyapya kuyambira m'mawa. Akazi anali m'khitchini mwa a Nabanda akutong'ola chimanga pafupi ndi moto. Eluby anamugoneka m'nyumba mwathu kuopa utsi, pabulangete lopinda kanayi kuti pakhale pofunda. Ine ndinali kudimba. Mpini wa khasu unathyoka, ndiye ndinabwerera kudzatenga wina umene ndinausunga kudenga.

Nditalowa sindinamve kanthu. Ndinatenga mpini, ndinatembenuka kuti ndizituluka, ndipo ndi pamene ndinaona kuti pabulangete pakuoneka msana wa shawelo, osati nkhope. Mwana anali chafufumimba. Nkhope yonse inali italowa m'bulangete. Kathupi kake kankagwedezeka pang'onopang'ono ngati mbozi, ndipo kunkamveka kamawu kakang'ono, kosafika ngakhale pakhomo.

Ndinataya mpini n'kumunyamula. Milomo yake inali itada, mphuno itaphwatalala, thukuta lili chipumi chonse. Anakhala kaye chete, pakamwa pali yasa. Kenako anakoka mpweya n'kulira kulira kumene sindinamvepo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kumasula. Nsaluyo inali yolimba, ndinachita kuing'amba pakona. Timanja titatuluka anatitambasula, nagwira chala changa.

Akazi anabwera akuthamanga. Chimene anaona ndi ichi: chitseko chili pululu, mphepo ikulowa, mkamwini atakhala pansi, mwana ali m'thewera lokha akulira, nsalu yong'ambika ili apo.

"Mayo ine! Akumuvula mwana!" anakuwa a Nabanda.

Ndinaiwala mwambo. Ndinawayang'ana kumaso, koyamba chikwatirire mwana wawo, n'kunena kuti, "Mwanayu anatsala pang'ono kufa. Anagubuduka. Nsalu yanuyi ikanamupha."

"Idesi, amuna akowa akundiyang'ana. Akulankhula ndi ine."

"Ndikulankhula ndi inu, eya. Kuyambira lero mwana wanga samangidwanso manja."

"Mwana wanu?" anatero a Nabanda. Anafunda nsalu kumutu n'kutuluka.

Idesi anatenga mwana n'kumuyamwitsa. Anayang'ana pabulangete. Panali kadzenje pamene panali nkhope, ponyowa ndi malovu. Anapagwira ndi dzanja. Anaona. Chimenechi ndimachibwereza chifukwa ndi chimene chimandipweteka: Idesi anaona.

Tinachita monga ananenera anesi. Ndinagula kajuzi ndi masokosi kumsika. Bulangete lopindalo tinalichotsa, mwana ankagona pamphasa yoyala nsalu imodzi, pafupi ndi mayi wake. Nsalu yofunda inkalekera m'khwapa. Ndipo anavutadi. Akangoyamba kugona, manja ankaponyeka m'mwamba, n'kudzuka, n'kulira. Ankadzikanda kumaso mpaka Idesi anamuwenga zikhadabo ndi mano. Kulirako kunkamveka mudzi wonse. M'mawa uliwonse a Nabanda ankasesa pafupi ndi nyumba yathu akulankhula ndi tsache lawo.

"Mwana ankagona uyu. Ankagona ngati mwana wa mfumu. Lero akulira ngati wamasiye, atate ake ali moyo."

Koma anayamba kuzolowera. Anatulukira kuti chala chake chachikulu chimalowa m'kamwa, ndipo akachiyamwa ankagona. Masana ndinamuona kangapo akugubuduka pamphasa, kutsamira manja, kutembenuzira mutu kumbali n'kumapuma bwinobwino. Tikanangopatsidwa sabata ina imodzi, nkhani yonseyi sikanakhalapo.

Kenako anayamba chimfine. Mwezi umenewo ana onse a pamudzipo anali ndi chimfine, ngakhale ana a Fraser amene, mamina ali chuchuchu. Koma cha Eluby chinatsikira m'chifuwa. Ankatsokomola, thupi kutentha, kuyamwa pang'ono. Ine ndinati tipite naye kuchipatala. A Nabanda anatumiza mawu kwa Fraser.

Fraser, mlamu wanga, ndiye anali mwini mbumba, mchimwene wake wamkulu wa Idesi. Anali atangobwera kumene kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi wailesi, chipewa, ndi nsapato zazitali, popanda china. Kuyambira pamene anabwera ankakonda kuima m'mphepete mwa dimba langa, manja kumbuyo, n'kumati, "Alamu, dothi la agogo athu limabereka, eti?" Ine ndinkangoseka. Ndinali wopusa.

Anaitanitsa ankhoswe. Kwathu kunabwera mkulu wanga Albert, munthu wofatsa, wa kwaya ya kutchalitchi, amene sanakanganepo ndi munthu chibadwire. Tinakhala pakhonde pa Fraser Loweruka masana, amuna pamipando, akazi pamphasa. Idesi anakhala kumapeto, mwana ali pamiyendo, atamukulunganso manja m'kati.

Fraser anayamba ndi kuzimitsa wailesi yake kuti aliyense aione.

"Alamu, nkhani ndi yaifupi. Inu mumapita ku Limbe ndi tomato. Nthawi zina mumagona komweko."

"Katundu akapanda kutha, ndimagona pamsika. Aliyense amadziwa."

"Pamsika," anatero, akuyang'ana anthu. "Ifenso tayenda, alamu. Misika timaidziwa." Ena anaseka.

"Nenani chimene mukufuna kunena."

"Mwana watsokomola. Mayi akuti ndi tsempho. Ndiye tikudzifunsa: munthu wamwamuna, amene sanasinthepo thewera, n'chifukwa chiyani tsiku lina anasiya khasu kudimba n'kudzavula mwana pachiperoni? Yankho tili nalo. Munadziwa chimene munachita ku Limbe. Munadziwa kuti mwana adwala. Ndiye munamuvula kuti akadwala tiziti ndi mphepo."

Bodza lake linali lolukidwa bwino moti ngakhale Albert ananditembenukira.

Ndinafotokoza zonse. Za mpini wothyoka, za bulangete, za milomo yakuda. Ndinati tiyeni timugoneke mwanayu pamphasa pompano, mumuone akugubuduka. A Nabanda anayankha atayang'ana khoma.

"Mwana akudwala, iwo akufuna achite naye masewero. Amene anaona mwana ali chafufumimba ndani? Iwo okha. Amene tinaona akumuvula ndife tonse. Ndipo anandiyang'ana m'maso. Anandikalipira ngati mkazi mnzawo wa ku Limbe."

"Anesi ananena!" ndinatero. "Ku sikelo, pamaso pa anthu. Idesi analipo. Ndiponso bulangete analigwira ndi dzanja lake. Make Eluby, tauza anthuwa."

Onse anayang'ana Idesi. Iye anayang'ana mwana. Anakonza shawelo pamutu pa mwanayo, ngakhale inali bwinobwino.

"Idesi," anatero Fraser mofatsa, "uli ndi mawu?"

Amayi ake anali pambali pake, mapewa atagundana. Idesi anapukusa mutu.

"Make Eluby," ndinateronso.

Sanadzutse nkhope.

Albert anandikoka malaya n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, ingopepesani. Vomerani, apange mankhwala a mwana, nkhani ithe. Banja lipitirire." Anali kunena zoona, ndikanavomera akanandisiya. Amuna ambiri amavomera. Koma kuvomera kunali kunena kuti ndinapita kwa mkazi wina, ndiponso kuti mwanayo apitirize kumangidwa. Ndinati sindivomera chimene sindinachite.

"Ndiye nyamulani zanu," anatero Fraser. "Njinga ndi yanu. Khasu ndi lanu, ngakhale lilibe mpini."

Ndinachoka tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Kabichi anali atatsala pang'ono kukhwima. Ndisanakwere njinga ndinapita pamene panali Idesi n'kumuuza kuti, "Zanga zatha. Koma mwanayo usamusiye yekha ali womangidwa. Ndipo upite naye kuchipatala." Ndikudziwa kuti anamva.

Zotsatira ndinazimva kwa Falesi, mayi wina woyandikana nawo nyumba, amene ndinkakumana naye kumsika. Anati ine nditachoka, m'mawa mwake Idesi anazemba n'kupita ndi mwana kuchipatala, nauza amayi ake kuti akupita kuchigayo. Mwanayo anamubaya jakisoni, chifuwa chinatha. A Nabanda nawonso anali atamumwetsa mankhwala awo a tsempho, ndipo mudzi wonse unamva kuti mankhwalawo ndi amene anachiritsa mwana, umboni woti mkamwini uja analidi wolakwa.

Falesi anatinso masiku onse amene mwana anali womangidwa, Idesi sanamuike pansi. Masana kumsana, pogona m'manja. Anawonda mayiyo ndi kusagona. Kenako Eluby anakula mphamvu, ankatulutsa yekha manja m'nsalu ngakhale aimange bwanji. Mwezi wa Ogasiti usanathe, a Nabanda eniake anati, "Wakula uyu, musiyeni manja." Palibe amene anatumiza mawu ku Ndunde.

Ndinapitako kawiri. Koyamba Fraser anandibweza panjira. Kachiwiri ndinapeza Idesi atakwatiwa ndi mwamuna wina, a Kalinde, ndipo Eluby, akuyenda tsopano, anathawira kuseri kwa nkhokwe atandiona. Sindinapitenso. Sindinakwatirenso chikamwini. Ndinatsegula kamalo kokonzera njinga pafupi ndi chipatala cha ku Ndunde, ndipo ndili pomwepo mpaka lero.

Chaka chathachi, chaka cha chilala, mtsikana wina anabwera ndi njinga yophulika tayala, mwana ali kumsana. Ndinamuzindikira asanalankhule. Mutu wake unali wa kwawo kuja. Anali atakwatiwa chakuno, ndipo anabwera ku sikelo. Podikira kuti ndimate chubu, anayala chitenje pamthunzi n'kugoneka mwana. Kanali kamnyamata ka miyezi ngati inayi, katavala juzi, manja ali panja. Kanagubuduka, kanatsamira manja, kanadzutsa mutu.

"Mwanayu simumukulunga?" ndinafunsa.

"Ndinasiya. Wayamba kugubuduka. Akhoza kubanika."

"Anakuuzani ndani?"

"Agogo anga a Nabanda. Ndi amene anaphunzitsa amayi, amayi n'kundiphunzitsa ine. Kwathu ndi lamulo limenelo."

Ndinaika chubu m'madzi n'kumayang'ana thovu. Kenako ndinati, "Eluby, ukundidziwa ine?"

"Ndikukudziwani. Anandilozera kalekale. Kukanakhala wokonza njinga wina pafupi ndikanapita kumeneko."

"Anakuuza kuti chiyani za ine?"

"Kuti munandisempha ndili khanda, kenako munandivula pachiperoni kuti ndife ndi mphepo anthu asadziwe."

"Ukawafunse amayi ako za bulangete. Ungowauza kuti bulangete lopinda kanayi. Akudziwa."

"Amayi sakamba za inu," anatero. "Mwamaliza, bambo?"

Anati bambo monga mmene amanenera kwa munthu aliyense wachikulire wa panjira. Ndinapopa tayala. Mwana uja ankandiyang'ana, ndipo ndinatambasula dzanja kuti agwire chala changa. Eluby anamunyamula msanga n'kumuponya kumsana.

A Nabanda anamwalira mu 1988, ndipo pamaliro pawo ananena kuti anali mayi wodziwa kulera ana. Fraser akulima dimba lija mpaka pano, tomato wake amadutsa pamsewu pano kupita ku Limbe. Idesi ali moyo, ali kwa Nchema. Eluby amalemba dzina la Kalinde. Amabwera ku sikelo mwezi uliwonse, ndipo akafika pafupi ndi malo anga amawolokera tsidya lina la msewu.